Sabata yatha osatsegula buku: kukonzanso ndandanda yowerengera mayeso a Folomu 4

Lero ndikufuna ndicheze makamaka ndi inu ana athu a Folomu 4 amene mukukonzekera mayeso a MSCE, komanso ndi inu makolo amene mukuwayang'anira. Nkhani yake ndi ya pepala lija limene ambiri a inu munamata pakhoma kapena m'kati mwa chikuto cha kope: ndandanda yowerengera, ija mumaitcha thaimutebulo. Munailemba bwinobwino ndi lula, Lolemba Masamu, Lachiwiri Bayoloje, mpaka Loweruka. Kenako kunagwa zina. Mwina malungo anakugwetsani, mwina kunagwa zovuta kumudzi, mwina munabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kapena ntchito yokolola chimanga inafuna manja a aliyense pakhomo. Mwabwerera, mwayang'ana pakhoma paja, ndipo mwapeza kuti sabata yathunthu yadutsa osatsegula buku.

Zikatere, ana ambiri amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amalumbira kuti sabata ino awerenga kawiri, yatha ija ndi ino yomwe, ndipo amayamba kuchezera usiku, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere. Ena amangoti basi zasokonekera, pepala lija nkulisiya pakhoma lizichita fumbi, iwo nkumawerenga chilichonse chimene dzanja lagwira. Magulu awiriwa amaoneka osiyana, koma alakwitsa pamalo amodzi. Onse akuganiza kuti chimene chatayika ndi maola, ndipo maolawo ayenera kubwezedwa onse. Woyamba akuyesa kubweza, wachiwiri waona kuti sangathe ndiye wagwa mphwayi. Ine ndikuti maola a sabata yatha sadzabweranso, ndipo a MANEB sadzakufunsani kuti munakhala pa desiki maola angati. Chimene chatsalira ndi mitu ingapo ya maphunziro, ndipo mituyo imawerengeka, imasankhika, ina imasiyika.

Kuti timvane bwino, tiyeni titenge chitsanzo chimodzi ndipo tiyende nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze mtsikana wa pa sekondale yoyendera masana, amene akulemba maphunziro 7: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Bayoloje, Kemisitire, Ulimi ndi Jogalafe. Mayeso atatsala masabata 8 analemba ndandanda yake: maola 2 madzulo aliwonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndi maola 5 Loweruka. Pamodzi ndi maola 15 pa sabata. Sabata yoyamba yomweyo agogo ake anamwalira, banja lonse linapita kumudzi, ndipo iye wabwerako Lamulungu madzulo. Kwatsala masabata 7.

Tiyambe taona zimene zingachitike akatsata njira yobweza zonse nthawi imodzi. Sabata ino ikhala ya maola 30. Akaweruka kusukulu, kuyenda ulendo wobwerera kunyumba, kutunga madzi, kuthandiza kuphika, amayamba kuwerenga cha m'ma 7 koloko usiku. Pamene ankatseka buku 9 koloko, tsopano azitseka 11 koloko, ndipo Loweruka akhale pa mabuku maola 10. Lolemba atha. Lachiwiri atha movutikira. Lachitatu aziwodzera m'kalasi, phunziro latsopano la tsikulo limudutsa, ndipo Lachinayi agona pa kope nyali ikuyaka. Kubwereka nthawi kwa tulo kuli ngati kutenga katapila: mumalandira maola 2 lero, mawa nkubweza 4. Chifukwa chake n'chakuti ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira masana pamene mukugona, ndipo madokotala amati wachinyamata wa msinkhu wa sekondale amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Mwana wosagona amawerenga tsamba lomwelo katatu osatolapo kanthu. Podzafika Lachisanu, mtsikana wathu watsalira sabata imodzi ndi theka, ndipo tsopano wayamba kukhulupirira kuti mutu wake ndiwo wouma.

Ndiye usiku woyamba uja asayambe ndi kuwerenga. Atenge pepala loyera ndi pensulo, ayang'ane ndandanda yakale, alembe zimene zinali m'sabata yotayikayo, mutu ndi mutu. Asalembe kuti "Masamu", alembe dzina lenileni la mutuwo. Kwa iye zikuoneka motere. Masamu, makwadiratiki, maola 4. Kemisitire, kuwerengetsa mamolo, maola 3. Bayoloje, kujambulanso zithunzi za mtima ndi kayendedwe ka magazi, maola 2. Chingerezi, maola 2: ola limodzi lolemba chimangirizo, ola lina lowerenganso buku la litilecha. Ulimi, kaŵetedwe ka nkhuku, maola 2. Jogalafe, kuwerenga mapu, maola 2. Mizere 6 yokha papepala. Ntchito imeneyi imatenga mphindi 10, koma imatsitsa mtima pansi, chifukwa mawu oti "ndatsalira" alibe malire, pamene mizere 6 ili ndi poyambira ndi pothera.

Chotsatira ndicho chimene ana ambiri amachidumpha, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Asanagawe nthawi, adziyese. Mutu uliwonse aupatse mphindi 10, buku lili chitsekere. Pa makwadiratiki atenge funso limodzi losavuta, monga x² + 5x + 6 = 0. Funsoli likufuna manambala awiri amene mukawachulukitsa akupatsani 6, mukawaphatikiza akupatsani 5. Ngati 2 ndi 3 abwera m'mutu msanga, ndipo akudziwa kuti mayankho ndi -2 ndi -3, ayese lina lovutirapo, lokhala ndi nambala kutsogolo kwa x². Mtsikana wathu wapeza 2 ndi 3 movutikira, kenako wasokonezeka pa zizindikiro, ndipo funso lachiwiri sanaliyambe n'komwe. Pa Kemisitire adzifunse kuti magalamu 36 a madzi ndi mamolo angati. Molo imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, choncho yankho ndi 2. Iye wakumbukira kuti pali kugawa, koma sakudziwa kuti agawe chiyani ndi chiyani. Pa Bayoloje ajambule mtima pamtima, zipinda zake 4 ndi mitsempha ikuluikulu, aike mivi yosonyeza kumene magazi akulowera. Wajambula bwino, wangosinthanitsa mitsempha iwiri. Pa Ulimi alembe zonse zimene akudziwa za nkhuku: makola, chakudya, chitopa ndi katemera wake. Wadzaza tsamba lonse cholembera osachiimitsa, pakuti kwawo amaŵeta nkhuku ndipo mutuwu anaumva bwino m'kalasi. Pa mapu wakhoza mafunso ambiri. Ola limodzi latha, ndipo tsopano akudziwa pamene pali bowo lenileni.

Wina anganene kuti ola limenelo laonongeka, bola akanawerenga. Ayi ndithu. Kudziyesa nakonso n'kuphunzira, ndipo kumaposa kuwerenga mobwereza. Mu 2006, akatswiri awiri a ku America, a Henry Roediger ndi a Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira a kuyunivesite ndime zoti aphunzire. Gulu lina linawerenga ndimezo mobwerezabwereza. Gulu lina linawerenga kamodzi, kenako nkumayesa kulemba zimene likukumbukira, pepala litachotsedwa. Patangopita mphindi zochepa, owerenga mobwereza ndiwo ankakumbukira zambiri. Koma patatha sabata, iwo anakumbukira pafupifupi 40 pa 100 iliyonse, pamene odziyesa aja anakumbukira pafupifupi 61. Owerenga mobwereza ndiwonso ankadzidalira kwambiri kuti akumbukira. Apa ndi pamene ana athu amanamizika. Tsamba limene mwaliona kasanu limaoneka lachizolowezi, maso amalizindikira, ndipo mumati ndikulidziwa. M'chipinda cholembera mayeso mulibe tsamba loti maso alizindikire. Muli funso ndi pepala loyera.

Tsopano asankhe. Funso loyamba pa mutu uliwonse ndi ili: kodi pali mitu ina kutsogoloku imene yatsamira pa umenewu? Makwadiratiki ndi otero. Sabata ino ndandanda yakale imati aphunzire magirafu a makwadiratiki, ndipo kutsogolo kuli mapolinomiyo. Munthu amene sangathe kufakitolaiza adzavutika pa zonsezo, ndipo maola amene adzathere pamenepo adzapita pachabe. Mamolo ndi chimodzimodzi: mafunso owerengetsa kuchuluka kwa mankhwala m'madzi, ndi a taitiresheni amene amabwera pa pulakitikolo, onse amadutsira pamenepo. Mitu iwiri imeneyi sichepetsedwa ngakhale mphindi imodzi. Maola 4 ndi maola 3, onse 7 akhala.

Mtima ndi kayendedwe ka magazi ndi mutu woima pawokha, ndipo waudziwa kale mbali yaikulu. Maola 2 aja anali ojambulanso zithunzi mokongola ndi mapensulo amitundumitundu. Zimenezo azisiye. Ola limodzi lokonza mitsempha iwiri ija ndi kuyankha mafunso a m'mapepala a mayeso akale lakwana. Pa Chingerezi asunge ola la chimangirizo, pakuti kulemba kumaphunziridwa polemba, ndipo buku la litilecha analiwerenga kale kawiri. Lidzabweranso pa sabata yake kutsogoloku. Nkhuku azifute pa ndandanda. Mapu adzakambirana ndi anzake pagulu Loweruka lina, sakufunika malo akeake. Tiwerengetse: 4, 3, 1 ndi 1. Maola 9. Sabata ya maola 15 ija yasanduka ntchito ya maola 9.

Kufuta mutu pa ndandanda kumapweteka, makamaka kwa mwana wakhama. Amamva ngati akuba, kapena ngati funso limenelo ndilo lidzabwere. Koma taonani mmene mayeso enieniwo amawerengedwera. Pa MSCE magiredi amayambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, 9 ndi kulephera. Mapointi amachokera pa maphunziro 6 amene mwakhoza bwino, ndipo Chingerezi chiyenera kukhalapo. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza ena onse. Ofuna kusankhidwira ku mayunivesite a boma amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Mtsikana wathu pa mayeso a moki anapeza 2 pa Ulimi, 6 pa Chingerezi ndi 7 pa Masamu. Maola 2 owonjezera pa nkhuku mwina sangasunthe 2 uja. Maola omwewo pa Masamu angathandize kuchotsa 7 nkufika pa 6, ndipo imeneyo ndi kirediti imene inalibe. Ana amakonda kuthawira ku phunziro limene amalikhoza kale chifukwa kumeneko mtima umakhala m'malo. Nthawi ikachepa, ipite kumene giredi ili pamalire.

Chenjezo limodzi pano. Kusiya mutu n'kosiyana ndi kusiya phunziro lonse. Ena akatsalira amati, "Kemisitire ndangoitaya, ndili nawo ena 6." Ngati munalembetsa 7 ndipo mwataya limodzi, mwatsala opanda pothawira. Tsiku limodzi lodwala mutu pa pepala la Jogalafe, zonse zaonongeka. Chisankho chachikulu chotere musachipange nokha usiku muli ndi mantha. Kambiranani ndi aphunzitsi anu masana.

Maola 9 aja tiwaike pati? Osati m'sabata imodzi. Tiwagawe pa masabata 3, maola 3 sabata iliyonse. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka ndi masiku 6, choncho ndi mphindi 30 patsiku. Iye wasankha m'mawa, adzuke theka la ola msanga, koma wina angathe kutsala pasukulu theka la ola akaweruka, m'kalasi muli phee komanso kukuwala, osadalira tochi kapena magetsi amene angathime. Mphindi 30 thupi limalola. Sizisokoneza tulo, sizisokoneza ntchito zapakhomo, ndipo zili ndi tsiku lothera: pakatha masabata 3 abwerera ku ndandanda ya maola 15.

Koma pali kusintha kwina kofunika kwambiri kuposa kuwonjezera mphindi, ndiko kusintha dongosolo la mitu. Makwadiratiki sangadikire kuti alowe pang'onopang'ono m'timphindi ta m'mawa pamene madzulo akulimbana ndi magirafu amene sakuwamva. Ndiye asinthanitse. Maola a Masamu a sabata ino apite ku makwadiratiki, maola a Kemisitire apite ku mamolo. Magirafu ndi mutu wa Kemisitire wa sabata ino asunthire kutsogolo, ndipo timphindi ta m'mawa tija ndi timene tizithandiza kuti mzere wonsewo ufike pamalo pake pofika sabata yachitatu. Maphunziro ena onse, Chingerezi, Chichewa, Ulimi, Jogalafe, Bayoloje, apitirire pamene ndandanda yakale ikunena lero, ngati kuti palibe chinachitika. Musakankhire ndandanda yonse kutsogolo ndi sabata imodzi. Imeneyo imaoneka njira yosavuta, kungosintha madeti, koma sabata imene imagwera kunja ndi yomaliza, ndipo yomalizayo ndi imene munasungira kulemba mapepala a mayeso akale athunthu, wotchi ili patebulo. Mwana amene sanayesepo kulemba pepala lonse pa nthawi yake amadzazindikira m'chipinda cha mayeso kuti amachedwa, woyang'anira akulengeza kuti kwatsala mphindi 15 iye ali pakati. Sabata yomaliza ija isakhudzidwe.

Pali ntchito ina imene siinali pa ndandanda yakunyumba: zimene aphunzitsi anaphunzitsa m'kalasi iye kulibe. Apa ambiri amabwereka makope a anzawo nkutha masiku atatu akukopera manotsi liwu ndi liwu, dzanja likuyenda mutu uli kwina. Njira yabwino n'kupita kaye kwa mphunzitsi aliyense ndi funso lolunjika. Osati, "Aphunzitsi, ndatsalira, ndithandizeni," pakuti pamenepo mphunzitsi sadziwa poyambira. Koma, "Aphunzitsi, sabata yatha kunali zovuta kwathu. Munaphunzitsa mitu iti, ndipo pa imeneyo ndi uti umene ndiyenera kuumva ndisanalowe m'kalasi mwanu mawa?" Funso lotere limayankhika m'mphindi 2 pakhonde. Kenako apeze mnzake amene anamva bwino, amufotokozere pakamwa nthawi ya buleki, iye azilemba mitu ikuluikulu yokha m'mawu akeake. Mnzakeyo sakutaya kanthu, chifukwa kufotokozera wina ndi kudziyesa komwe kuja. Ngati manotsi alipo ambiri ndipo pali ndalama pang'ono, fotokope ya masamba ochepa ndi yotchipa kuposa madzulo atatu.

Tsopano ndikufuna ndilankhule ndi gulu lina, limene ndikuganiza kuti ndi lalikulu kuposa loyambali. Inu simunadwale, simunapite kumaliro. Sabata yanu sinatayike tsiku limodzi. Inatha pang'onopang'ono: Lachiwiri munawerenga ola limodzi m'malo mwa 2, mutu umene munaupatsa tsiku limodzi unatenga 3, Loweruka kunabwera alendo. Patatha mwezi mwapeza kuti muli kumbuyo ndi sabata yathunthu. Mankhwala anu ndi ena. Mukangowonjezera mphindi 30 pa ndandanda imeneyo, mwezi wamawa mudzatsaliranso, chifukwa vuto lili m'ndandandamo. Inalembedwera munthu amene kulibe, wosatopa, wopanda ntchito zapakhomo, womva chilichonse ulendo woyamba.

Zimenezi sizichitikira inu nokha. Mu 1994, a Roger Buehler ndi anzawo awiri ku Canada anafunsa ophunzira a kuyunivesite kuti adzamaliza liti ntchito yawo yaikulu ya kafukufuku. Ophunzirawo anati pafupifupi masiku 34. Anamaliza patatha masiku pafupifupi 55. Ngakhale atawauza kuti ayerekeze kuti zonse zawavuta kotheratu, ananena masiku ochepera pa amene anatenga. Munthu akamakonza za mawa amaona njira yosalala, amaiwala kuti dzulo magetsi anathima ndipo dzana anamutuma kuchigayo. Mboni yokhulupirika ndi masabata amene apita. Choncho yang'anani m'mbuyo. Pa masabata 4 apitawo ndandanda imati maola 60. Muwerenge moona mtima amene munakhaladi pa buku. Mukapeza 45, ndiye kuti sabata yanu yeniyeni ndi ya maola 11, osati 15. Lembani ndandanda yatsopano pa 11. Masabata 7 a maola 11 ndi maola 77, ndipo mitu yonse yotsala iyenera kukwana m'menemo, kudzera m'kusankha komwe kuja: yotsamiridwa ndi ina poyamba, ya pamalire a giredi kachiwiri, yodziwa kale ifutidwe. Ndandanda ya maola 11 imene mukuikwaniritsa idzakuphunzitsani zambiri kuposa ya 15 imene ikukuimbani mlandu usiku uliwonse mpaka mwaleka kuiyang'ana.

Kaya muli m'gulu loyamba kapena lachiwiri, ndandanda yatsopano ikhale ndi malo opanda kanthu. Mtsikana wathu wasiya maola 2 a Lamulungu masana osalembapo phunziro lililonse. Kwa amene mumapemphera Loweruka kapena Lachisanu, sankhani tsiku lokuyenerani. Malo amenewo ndi olandirira zimene zagwa m'kati mwa sabata. Lachitatu likavuta, sakankhira ntchito yake ku Lachinayi, amangoilemba pa Lamulungu nkupitiriza. Sabata ikayenda bwino, maola 2 amenewo ndi ake, apume, akacheze. Ndandanda yakale inagwa ndi vuto limodzi chifukwa inadzaza mpaka pakamwa. Komanso pa ndandandapo asalembe nthawi yokha. M'malo molemba kuti "Masamu, 7 mpaka 8 koloko", alembe kuti "mafunso 10 ofakitolaiza, ndichonge ndekha". Ola limatha ngakhale mukungoyang'ana khoma, koma mafunso 10 amaoneka ngati atheka kapena ayi. Ndipo alembe ndi pensulo.

Sindikufuna kudutsa mwachangu pa chimene chinamuchotsa pa mabuku mwanayu. Wataya agogo ake. Mwana wochokera kumaliro, kapena wongodzuka kumene pa malungo, sabwerera ndi mutu womwe uja tsiku loyamba. Akhoza kukhala pa buku mphindi 20 maganizo nkuthawira kumudzi. Zimenezo si ulesi. Masiku awiri oyamba ayambe ndi ntchito ya manja, yokhala ndi yankho looneka, monga mafunso afupiafupi a Masamu, osati kuwerenga masamba ataliatali a manotsi kumene maganizo amasochera mosavuta. Wodwala malungo amalize kaye mankhwala onse monga anauzidwira kuchipatala, adye, agone; mphindi 30 zowonjezera zija ziyambe thupi likabwerera. Ngati pakutha masabata awiri kapena atatu mwana sakugona, sakudya, akungolira kapena akunena kuti palibe chifukwa cholembera mayeso, nkhaniyo yaposa ndandanda. Pamafunika munthu wamkulu womumvetsera, kaya kholo, mphunzitsi amene amamukhulupirira, mtsogoleri wa kumpingo kapena kumzikiti, ngakhalenso achipatala.

Inu makolo, gawo lanu lilipo ndipo ndi looneka. Mawu oti "werenga, mayeso ayandikira" mwanayo akuwadziwa kale, ndipo akungowonjezera mantha. Chimene alibe ndi mphindi 30 zija. Kwa masabata 3 okha, mng'ono wake kapena mlongo wake atsuke mbale za m'mawa, wina apite kumjigo. Ana aakazi ndiwo amasenza ntchito zambiri zapakhomo, ndipo nthawi zambiri ndandanda yawo imafera pa mtondo ndi pa moto, osati pa buku. Muonetsetse kuti tochi ili ndi mabatire kapena nyali ya sola yatchajidwa masana. Ndipo mukamuona akadali maso 11 koloko usiku, mapazi ali m'beseni m'nyengo yozizira, musamuyamikire kuti ndi wolimbikira. Muuzeni akagone.

Nanga mtsikana wathu adziwa bwanji kuti ndandanda yatsopanoyi ikugwira? Loweruka loyamba madzulo, atenge mphindi 20. Choyamba awerenge ntchito zimene analemba ndi zimene wachonga. Ngati pa ntchito 10 zilizonse wamaliza 8 kapena kuposa, ndandanda ili bwino, zotsalazo zilowe pa Lamulungu. Ngati wamaliza 5 kapena 6, ndandanda ikadali yonenepa, ndipo yankho si kudzuka msanga kwambiri. Abwerere ku pepala la mitu lija, afutenso umodzi kapena iwiri kuchokera ku phunziro limene ali nalo bwino. Chachiwiri, abwereze mayeso aja a usiku woyamba, buku lili chitsekere, koma ndi manambala ena. Ayese x² + 7x + 12 = 0. Adzifunse kuti magalamu 88 a mpweya wa CO₂ ndi mamolo angati, podziwa kuti molo imodzi ndi magalamu 44. Akapeza -3 ndi -4, akapeza mamolo 2, popanda kusuzumira m'kope, Lolemba alowe m'magirafu. Akakanikanso pamalo omwe aja atathera maola 4, asawonjezere ena 4 payekha, chifukwa pali china chapansi chimene sanachimve, mwina kuchulukitsa manambala okhala ndi chizindikiro chochotsera, za ku Folomu 1. Atenge pepala lomwelo limene walakwitsapo, osalikonza, apite nalo kwa aphunzitsi a Masamu Lolemba m'mawa, awaonetse mzere weniweni umene anaimapo.